Fomu yaitali, kafoni kofooka, netiweki ya kamba: mmene mungamalizire osayambiranso komanso osatumiza kawiri

Lachinayi lapitali msuweni wanga anandiimbira foni cha m'ma 9 koloko usiku, mawu ake akuchita kumveka kuti misozi ili pafupi. Bungwe lina linali litalengeza ntchito ya kalembera wa m'midzi ya miyezi itatu, ndipo tsiku lotseka linali mawa lake 5 koloko madzulo. Fomu yake inali ya pa intaneti, masamba 6. Iye anali atalemba masamba 5, kuphatikizapo funso lotopetsa lija loti ufotokoze chifukwa chake ukuyenera ntchitoyo. Atafika poika chithunzi cha satifiketi ya MSCE, anatsegula kamera, n'kujambula, n'kubwerera. Fomu ili mbee, ngati sanaikhudzepo.

"Asuweni, zafufutika zonse. Kachiwiri kameneka. Mwina ntchitoyi si yanga basi," anatero.

Ndinamuuza kuti agone, tidzayese limodzi m'mamawa. Sikuti analodzedwa ayi, ndipo foni yake sinawonongeke. Zimene zinamuchitikira zili ndi chifukwa chake chodziwika bwino, ndipo zimachitikira ambiri mwa ife amene timafunsira ntchito, sukulu kapena ngongole pa timafoni ta mtengo wotsika. Ndiye ndati ndilembe zimene tinachita, chifukwa ndikudziwa kuti pali wina amene akulimbana ndi fomu pompano.

Zimene mukulemba zimakhala kuti?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mukamalemba mu fomu, mawuwo sanapite kulikonse. Bungwe lija silinawaone, ndipo foni yanu sinawasunge. Akungoyandama m'gawo la foni lotchedwa RAM.

Foni ili ndi malo awiri. Pali nkhokwe, momwe mumakhala zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo, ija amalemba kuti 32GB pa katoni. Ndiye pali RAM, imene ili ngati katebulo kogwirirapo ntchito. Chilichonse chimene chatsegulidwa pa nthawiyo chimayenera kukwana pa katebulo kameneka. Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi RAM ya 1GB kapena 2GB basi. Yanu mukhoza kuiona mukalowa ku Settings, kenako About phone.

Katebuloko kakadzaza, Android imachotsapo zinthu zimene simukuziyang'ana pa nthawiyo, ndipo sikufunsani. Msuweni wanga atatsegula kamera, Chrome inapita kumbuyo. Kamera imadya malo ambiri, ndiye foni inatseka Chrome mwakachetechete kuti kamerayo ipeze popumira. Pobwerera, tsamba linatseguka mwatsopano, lopanda kanthu. Mukhoza kudziwa kuti izi ndi zimene zachitika mukaona sikirini yayera kaye kwa kanthawi, kenako kamzere ka pamwamba kaja kayambanso kuyenda.

N'chimodzimodzi mukatuluka kukayankha uthenga wa pa WhatsApp, kapena kukayang'ana nambala ya chiphaso mu zithunzi. Kutuluka kulikonse ndi juga.

Palinso akuba ena awiri. Woyamba ndi chala chanu chomwe. Mu Chrome, mukakhala pamwamba penipeni pa tsamba n'kukokera chala m'munsi, tsamba limayambiranso. Munthu umangofuna kuona funso loyamba, basi zonse zapita. Wachiwiri ndi nthawi. Mafomu amene mumalowa ndi imelo ndi pasiwedi amakutulutsani mukakhala nthawi yaitali osadina kanthu, ndipo pa masamba ambiri nthawiyo imakhala ya pakati pa mphindi 15 ndi 30. Chopweteka n'chakuti kulemba sikuwerengedwa. Inu muli kalikiliki kulemba ndime yanu ya mawu 300, koma kompyuta ya kutsidyako, imene amaitcha seva, sikuona chilichonse, ikuyesa kuti munachoka kalekale. Mukadzadina Next mumangoona mwabwezedwa polowera, kapena mawu onga "Session expired" kapena "419 Page Expired".

Choncho lamulo loyamba ndi ili: musamaganizire mu fomu. Fomu si kope. Ganizirani kwina, lembani kwina, mu fomumo muzingokhuthula.

Ulendo woyamba ndi wokazonda

Mukalandira linki, musayambe kulemba zenizeni. Lowani kaye kuti muone mafunso onse, ndipo tsamba lililonse mulijambule sikirinishoti. Ngati fomu ikukana kupita kutsogolo chifukwa mabokosi ena ali ndi kanyenyezi kofiira, ikanimo kachilembo kamodzi kongodutsira. Koma musayandikire Submit, ndipo mukumbukire kudzafufuta tizilembo timeneti pa ulendo weniweni. Si bwino kuti bwana wa ntchito adzawerenge kuti luso lanu ndi "x".

Pa ulendo womwewu yesani chinthu chimodzi chofunika kwambiri: kodi fomuyi imasunga? Anthu ambiri amaganiza kuti ukadina Next ndiye kuti tsamba lapitalo lasungidwa. Si nthawi zonse. Mafomu ena amangobisa tsamba loyamba n'kukuonetsani lachiwiri, zonse zikadali pa katebulo kaja. Kuyesa kwake n'kosavuta. Lembani tsamba loyamba, dinani Next, kenako mwadala yambitsaninso tsambalo. Zimene munalemba zikabwera, fomuyo imasunga, ndipo mukhoza kumapuma pakati. Zikapanda kubwera, dziwani kuti muyenera kuimaliza ulendo umodzi. Kuli bwino kutaya mphindi ziwiri poyesa kusiyana ndi kudziwira pa tsamba lachisanu. Fomu ya msuweni wanga inali ya mtundu wachiwiriwu, wosasunga.

Ngati fomuyo ndi ya Google Forms, muli ndi mwayi pang'ono. Mukakhala kuti mwalowa mu akaunti yanu ya Google, imasunga yokha zimene mwalemba kwa masiku 30, ndipo pamwamba pamaoneka mawu oti "Draft saved". Koma kusungako kumafuna netiweki, komanso mwini fomu akhoza kukuthimitsa. Ndiye musangokhulupirira, yang'anani mawuwo ndi maso anu.

Mukatha kuzonda, thimitsani data, khalani pansi ndi masikirinishoti aja, n'kulemba mayankho onse mu pulogalamu yolembamo ya m'foni mwanu. Yankho lililonse pa mzere wake: dzina monga lilili pa chiphaso, nambala ya chiphaso, imelo, sukulu ndi zaka zake, maina ndi manambala a anthu okuchitirani umboni, ndi ndime zitalizitali zija. Apa palibe wokuthamangitsani, ndipo simukudya bandulo.

Kabisireni mayankho mu kiyibodi

Mwina mwaona kale vuto. Ngati kutuluka mu Chrome kuli koopsa, nanga mayankho aja tikawatenga bwanji? Yankho lake lili mu kiyibodi.

Kiyibodi ya Gboard, imene imabwera m'mafoni ambiri a Android, ili ndi kathumba kotchedwa Clipboard. Mukadina pamalo polembera, kachizindikiro kake kamaoneka pa mzere wa pamwamba pa zilembo, ngati kabolodi kopanira mapepala. Kayatseni kaye. Kenako pitani kumene munalemba mayankho, muziwakopa limodzilimodzi. Lililonse limakagwera m'kathumbako. Zinthu za mmenemo zimafufutika pakatha ola limodzi, choncho dinikizani chala pa yankho lililonse n'kusankha Pin, kuti likhazikike.

Mukatero, muli mu fomu simutulukanso. Mwafika pa funso, mwatsegula kathumba, mwadina yankho, lalowa. Ndime imene inamutengera msuweni wanga theka la ola kuilemba inalowa m'masekondi awiri. Nthawi ya seva ija siyikupezani, ndipo zitati zafufutikanso, mumangomata kachiwiri osalira.

Chenjezo lake n'lakuti pasiwedi musaiike mmenemo, ndipo mukamaliza mufufute nambala ya chiphaso, makamaka ngati foniyo mumabwerekana pakhomo. Ngati kiyibodi yanu ilibe kathumbaka, mayankho afupiafupi alembeni papepala liri pambali panu, ndipo ndime yaitali kwambiri muikope musanatsegule fomu.

Mafayilo: apa ndi pamene ambiri amagwera

Musajambule chithunzi muli mkati mwa fomu. Ndabwereza dala. Batani loika fayilo likakupatsani mwayi wosankha kamera, ikaneni. Zithunzi zonse zikhale zokonzeka kale m'foni.

Chachiwiri ndi kukula kwa fayilo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Chithunzi cha kamera ya foni chikhoza kukhala 4MB. Netiweki ikagwa mpaka pamwamba paoneke chilembo cha E, tinene kuti ikutumiza pa liwiro la 100kbps. Pa liwiro limeneli chithunzi cha 4MB chimatenga masekondi 320, kupitirira mphindi zisanu, ndipo netiweki ikangophethira pakatipo mwayambiranso. Chithunzi chomwecho chikachepetsedwa kufika 300KB chimapita m'masekondi 24. Mukakhala ndi mafayilo anayi, kusiyana kwake ndi pakati pa mphindi 21 ndi mphindi imodzi ndi theka. Komanso mafomu ambiri amaika malire, monga 1MB kapena 2MB, ndipo ena sakuuzani msanga. Amakusiyani mudikire, kenako n'kukuonetsani "413 Request Entity Too Large", kutanthauza kuti katundu wanu wakula.

Njira yachidule yochepetsera, yosafuna kutsitsa pulogalamu ina, ndi WhatsApp yomweyo. Jambulani satifiketi masana, pamalo owala, itagona pansi bwinobwino. Dzitumizireni nokha ngati chithunzi wamba, osati ngati Document, komanso osasankha HD. WhatsApp imachifinya chokha, ndipo nthawi zambiri chimatsika n'kukhala pansi pa 1MB. Chithunzi chofinyidwacho ndi chimene mugwiritse ntchito. Koma chitseguleni kaye n'kuchikulitsa ndi zala. Ngati dzina lanu, nambala ndi magiredi sizikuwerengeka, jambulaninso muli pafupi. Fayilo yaing'ono yosawerengeka ndi chimodzimodzi osatumiza.

Ngati akufuna PDF, pulogalamu ya Google Drive ili ndi Scan, imene imajambula pepala n'kulisandutsa PDF. Mukatha, onani kukula kwake, kenako mafayilo onse muwapatse maina omveka n'kuwaika mu foda imodzi monga Download. Kusankha fayilo nakonso ndi kutuluka mu Chrome, ndiye mukamachedwa kufufuza pakati pa zithunzi 2,000 za ukwati ndi mamimu, mukuipatsa foni mpata wokutsekerani. Ngati fomu ikulola, yambani ndi kuika mafayilo musanalembe zina. Ikati igwe, igwe musanavutike.

Mphindi khumi musanayambe

Ndi msuweni wanga tinakumana 5 koloko m'mamawa. Si mwambo ayi. Madzulo aliyense m'dera amakhala pa TikTok ndi pa Facebook, ndipo nsanja ya netiweki ndi imodzi yomweyo imene tonse tikugawana. M'mamawa msewu umakhala wopanda anthu.

Choyamba tinaona bandulo. Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha sitsegula masamba ena, ndiye linki imatha kukufikani bwinobwino koma fomu osatseguka. Pamafunika bandulo ya intaneti yonse. Fomu ya mawu okhaokha sidya zambiri, chimene chimamaliza data ndi zinthu zoyenda mobisa kumbuyo, monga mapulogalamu amene akudzikonza okha. Tinagula yokwanira kuyesa kawiri kapena katatu, ndipo batire inali itachajidwa usiku.

Kenako tinathimitsa foni n'kuiyatsanso, kuti katebulo kaja kayere. Sitinatsegule china chilichonse kupatula Chrome, ndipo matabu akale onse tinawatseka. Iye anali nawo 37.

Za burawuza, samalani zinthu ziwiri. Mukadina linki muli mu Facebook, imatseguka m'kaburawuza ka mkati mwa Facebook momwemo, kamene mukangodina batani lobwerera mwangozi kamatseka zonse. Dinani timadontho titatu ta pakona n'kusankha kutsegula mu burawuza yakunja, kapena kopani linkiyo mukaimate mu Chrome. Ndipo ngati mumakonda Opera Mini chifukwa chopulumutsa data, dziwani kuti ikakhala pa Extreme masamba amadutsa kaye ku makompyuta a Opera kukafinyidwa, ndipo mabatani ena a fomu amasiya kugwira ntchito. Powerenga nkhani ili bho, koma pa fomu ayi.

Chomaliza ndi ma SIM awiri. M'mafoni ambiri, wina akakuimbirani pa SIM imene si ya data, intaneti imaduka mpaka mutamaliza kulankhula. Ngati pa nthawiyo fayilo inali pa ulendo, yafera panjira. Ife tinathimitsa SIM yachiwiriyo kwa theka la ola. Amene anaimba anaimbanso.

Masamba onse 6 tinawamaliza m'mphindi 12. Tsamba lililonse tisanadine Next tinkalijambula sikirinishoti, chifukwa kujambula sikirini sikukutulutsani mu fomu.

Mwadina Submit, kenako zii

Nthawi ili 5:40 anadina Submit. Kagudumu kanayamba kuzungulira. Mphindi imodzi, ziwiri. Kenako sikirini yoyera ndi mawu oti "504 Gateway Time-out". Chala chake chinali chikupita kale pa batani lobwerera kuti akadinenso.

"Asuweni, yakana. Nditumizenso?"

Ndinamugwira dzanja. Lamulo lachiwiri ndi ili: kusayankhidwa sikutanthauza kuti sizinafike.

Taganizirani mwatuma mwana kukapereka kalata, ndipo mwanayo sanabwerere. Pali zinthu zitatu zimene zikhoza kukhala zitachitika. Mwina sanafike n'komwe. Mwina wafika ndipo akudikira pa mzere. Kapena wapereka kale, koma wachedwa pobwerera. Inu muli pakhomo simungadziwe kuti ndi chiti. Fomu nayonso ndi choncho. Mayankho anu amapita, seva imawalemba, kenako imabweza uthenga woti yalandira. Ukasochera uthenga wobwererawu, inu mumaona ngati zakanika pamene dzina lanu lalowa kale. Mukadinanso, mwatuma mwana wachiwiri ndi kalata yomweyo.

Masamba opangidwa bwino amazindikira n'kukana yachiwiriyo. Ena amalandira zonse. Ndiye mumapezeka muli ndi manambala awiri, kapena dzina lanu lili kawiri pa mndandanda, pamene mabungwe ena amalemberatu pa chilengezo kuti wofunsira kawiri sadzaganiziridwa.

Choncho chitani izi. Dinani Submit kamodzi, ndipo kagudumu kakamazungulira musakhudze kanthu kwa mphindi zitatu kapena zisanu, kungoonetsetsa kuti sikirini isazime. Pakabwera uthenga wa vuto, ujambuleni sikirinishoti, nthawi ikuoneka pamwamba. Musadine batani lobwerera, musayambitsenso tsamba. Chrome ikakuonetsani mawu oti "Confirm Form Resubmission", ikukufunsani ngati mukufuna kutumizanso zomwe zija. Yankho ndi Cancel.

Tsamba limenelo lisiyeni mmene lilili, mutsegule tabu ina, mukafufuze. Ngati fomuyo ndi yolowa ndi akaunti, lowaninso mu tabu yatsopanoyo muone ngati palembedwa "Submitted" kapena nambala ya pempho lanu. Onani imelo, osaiwala foda ya Spam, komanso mauthenga a pafoni. Ngati ndi Google Forms, chizindikiro choti zatheka nthawi zambiri ndi mawu oti "Your response has been recorded", ngakhale mwini fomu akhoza kulembapo mawu ake. Pansi pake pamatha kukhala linki yoti "Submit another response", imeneyo musaikhudze. Mafomu ena a Google amene amalola yankho limodzi lokha, mukawatsegulanso amakuuzani kuti "You've already responded", ndipo umenewo ndi umboni wokwanira.

Mukadikira theka la ola osapeza chizindikiro chilichonse, ndipo akaunti ikuonetsabe kuti pempho silinatumizidwe, apo tumizaninso, kamodzi. N'chifukwa chake si bwino kulemba fomu kutatsala mphindi 20 kuti atseke. Mantha ndi amene amadinitsa kawiri.

Pakakhala ndalama, samalani koposa. Ngati fomu ikufuna kulipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo mwaika kale PIN koma tsamba likuti zakanika, musalipirenso musanaone ndalama zimene zatsala mu akaunti yanu. Uthenga wotsimikizira umatha kuchedwa, koma ndalama zotsala zimakuuzani zoona. Ngati zachoka, sungani uthengawo ndi nambala yake ya malipiro, mukaionetse kwa eni fomu. Kubwezeredwa ndalama zolipira kawiri kumatenga nthawi ndi mayendedwe, pamene kudikira mphindi 15 n'kwaulere.

Nanga ngati mwatumiza kale kawiri?

Musatumize kachitatu kuti mukonze. Lembani imelo yaifupi ku adiresi imene ili pa chilengezo. Tchulani dzina lanu lonse, ntchito imene mukufunsira, tsiku ndi nthawi zimene munatumiza, manambala onse awiri ngati alipo, ndipo nenani kuti atenge liti, asiye liti. Ikaniponso sikirinishoti ya uthenga wa vuto uja. Sindingakulonjezeni kuti onse adzayankha, koma munthu amene akusefa maina akaona dzina lili kawiri ndi kalata yofotokoza, zimasiyana ndi kuliona lili kawiri popanda mawu.

Ife tinatsegula tabu yachiwiri, n'kulowanso mu akaunti yake. Pamwamba panali palembedwa "Submitted", ndi nambala yake pambali. Fomu inali italowa pa ulendo woyamba womwe uja, uthenga wobwerera wokha ndi umene unasochera. Imelo yotsimikizira inafika patatha mphindi 20, ndipo inakagwera mu Spam. Nambalayo anaijambula sikirinishoti, n'kuilembanso ndi bolopeni kuchikuto kwa kope, chifukwa foni imatha kubedwa pa depoti.

Kaya amutenga kaya samutenga, zimenezo tidzamva mwezi wamawa. Mayankho ake onse akadali m'foni, ndipo dzulo wawagwiritsanso ntchito pa fomu ina, anangosintha dzina la bungwe ndi ndime imodzi. Sanandiimbirenso usiku.